Pangano losunga chinsinsi: zoyenera kuwerenga musanasayine, ndi kasamalidwe ka mafayilo ndi mapasiwedi a kasitomala

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri kwa owerengera ndalama, omasulira, okonza mawebusayiti ndi ena ogwira ntchito za makontirakiti: "Kasitomala wanditumizira pepala loti ndisayine asanandipatse mafayilo ake. Kodi ndingosayina?" Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse kamodzi.

Pamutu pa pepalalo pamalembedwa `Non-Disclosure Agreement` kapena `Confidentiality Agreement`, ndipo ambiri amangoti NDA. Mukasayina mumalonjeza zinthu ziwiri: kuti zimene mwaona pa ntchitoyo simudzaulula kwa wina, komanso kuti simudzazigwiritsa ntchito pa china chilichonse kupatula ntchito imene mwapatsidwa. Panganoli n'lachizolowezi, musaliope. Koma dziwani kuti mutha kuliswa osalankhula ndi munthu aliyense, chifukwa kompyuta ndi foni yanu zimakopa mafayilo n'kuwasunga m'malo amene inu simunasankhe. N'chifukwa chake pa ndime iliyonse muzidzifunsa kuti: chimene ndikulonjeza apachi, kodi ndi zipangizo zimene ndili nazo ndingachikwanitsedi?

1. Onani amene panganolo likumanga.

Pali pangano lomanga mbali imodzi, ndipo pali lomanga mbali zonse ziwiri. Ngati inunso mudzaonetsa kasitomala mitengo yanu, njira zanu zogwirira ntchito kapena mayina a makasitomala ena, pemphani lomanga mbali zonse. Onaninso dzina limene lalembedwa. Ngati muli ndi kampani yolembetsedwa, lilembedwe dzina la kampaniyo, inu musayine m'malo mwake. Mukasayina m'dzina lanu, mlandu ukadzabuka udzafika pa inu mwini ndi katundu wanu.

Ngati pali munthu amene amakuthandizani, ngakhale wongotayipa, fufuzani ndime yotchula anthu ololedwa kuona zinsinsizo. Mapangano ambiri amalola okhawo amene ntchito yawo ikufunadi zimenezo, ndipo amati nawonso akhale atasayina pangano lofanana. Wothandizayo akalakwitsa, woyankha ndinu.

2. Werengani tanthauzo la "chinsinsi" kawiri.

Ndime imeneyi ndiyo imalamula zina zonse. Mapangano ena amati chinsinsi ndi zokhazo zimene zadindidwa kapena kulembedwa kuti n'zachinsinsi, ndipo zonenedwa pakamwa ziyenera kutsimikizidwa m'kalata pasanathe masiku otchulidwa, kawirikawiri 30. Ena amati chilichonse chimene mwalandira, mwamva kapena mwaona. Mtundu wachiwiriwu ndi wolemera kwa inu, ndipo umapiririka pokhapokha pansi pake pali mndandanda wa zinthu zosawerengedwa ngati chinsinsi. Pangano lolembedwa bwino limachotsa zinayi izi: zimene zili kale poyera kapena zatuluka poyera popanda kulakwa kwanu, zimene munkazidziwa kale musanakumane ndi kasitomalayo, zimene mwazipeza kwa munthu wina amene anali ndi ufulu wokuuzani, ndi zimene mwazipanga nokha osagwiritsa ntchito zinsinsizo. Zikasowa, musasayine mpaka ziikidwemo.

Payeneranso kukhala ndime yokulolani kuulula pamene khoti kapena lamulo lakukakamizani. Nthawi zambiri imati mudziwitse kaye kasitomala ngati lamulo likulola, ndipo muulule chokhacho chimene chafunsidwa. M'mayiko ambiri pangano silingatseke munthu pakamwa kuti asanene za umbanda kwa oyang'anira malamulo. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la 2016 lotchedwa Defend Trade Secrets Act limateteza munthu amene waulula chinsinsi cha malonda mwamseri kwa wogwira ntchito m'boma kapena kwa loya pofuna kunena za kuswedwa kwa lamulo. Ndime yokuletsani kupita kupolisi kapena kufunsa loya wanu ndi chizindikiro choti muime kaye.

3. Pezani nthawi ziwiri, osati imodzi.

Yoyamba ndi nthawi imene mukhala mukulandira zinsinsi, monga miyezi itatu ya ntchitoyo. Yachiwiri ndi nthawi imene udindo wosunga chinsinsi upitirire ntchito itatha. Anthu amaona yoyamba yokha n'kumaganiza kuti ntchito ikatha amasuka. Pa nkhani wamba za bizinesi, zaka ziwiri mpaka zisanu n'zofala. Zinsinsi zenizeni za malonda, monga kapangidwe ka chinthu, nthawi zambiri zimatetezedwa mpaka zitadzatuluka poyera, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma kulemba kuti "mpaka kalekale" pa chilichonse, ngakhale ndandanda ya misonkhano, n'kupitirira muyezo.

4. Sakani ndime zimene si za chinsinsi.

M'mapepala ena mumalowetsedwa zinthu zina pansi pa mutu womwewo. Zitatu izi muzisake ndi diso lakuthwa. Choyamba, ndime yokuletsani kugwira ntchito kwa opikisana ndi kasitomalayo, imene ingakutsekereni msika wanu wonse. Chachiwiri, ndime yopereka kwa kasitomala umwini wa chilichonse chimene mungapange pa nthawiyo, kuphatikizapo zida zanu zimene munabwera nazo. Chachitatu, ndime ya chipukutamisozi: kaya ndalama yoikidwiratu yolipira mukaswa pangano, kaya lonjezo loti mudzalipira zotayika zonse ndi ndalama za maloya popanda malire. Yerekezani ndalamayo ndi malipiro anu. Ngati kulakwitsa kamodzi kungakudyereni malipiro a zaka, pemphani kuti paikidwe malire, monga ndalama yofanana ndi malipiro a ntchitoyo kapena kuwirikiza kawiri.

Kumapeto kuli ndime yonena dziko limene malamulo ake adzagwiritsidwe ntchito ndi khoti lodzaweruza. Khoti lakutali limatanthauza kuti ngakhale muli osalakwa, kudziteteza kudzakhala kodula. Mukapeza imodzi mwa ndime zitatu zija, kapena khoti la dziko lina, kulipira loya kuti awerenge pepalalo si kutaya ndalama.

5. Pemphani kusintha, ndipo pemphani polemba.

Kupempha kusintha si mwano. Lembani imelo yaifupi, tchulani nambala ya ndime, perekani mawu amene mukufuna, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Zimene mwagwirizana pafoni zilowe m'pepala lenilenilo, chifukwa mapangano ambiri ali ndi ndime yonena kuti zolembedwazo ndizo pangano lonse, ndipo zapakamwa sizigwira. Musasayine pepala lokhala ndi mipata yosadzaza, ndipo sungani kope losayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Musanatumize imeloyo werengani sitepe 8, pakuti ndime yofunika kwambiri kuisintha ndaifotokoza kumeneko.

6. Konzani malo amodzi fayilo yoyamba isanafike.

Yambani ndi kutseka disiki yonse. Njira imeneyi, imene akatswiri amaitcha enikiripushoni, imasandutsa zonse zili pa disiki kukhala zosawerengeka kwa munthu amene alibe kiyi. Pasiwedi yolowera pa kompyuta payokha siteteza mafayilo: wakuba amangochotsa disiki yosatseka, n'kuilumikiza pa makina ena, n'kuwerenga zonse. Pa Windows chida chake ndi BitLocker, pa Mac ndi FileVault. Kuti muone ngati chayatsidwa, pa Windows tsegulani Command Prompt ngati woyang'anira makina n'kulemba lamulo loyambali, pa Mac tsegulani Terminal n'kulemba lachiwirilo:

```
manage-bde -status
fdesetup status
```

Poyatsa mudzapatsidwa kiyi yopulumutsira. Ya BitLocker imakhala ya manambala 48. Isungeni kwina, osati pa kompyuta yomweyo kapena m'chikwama chake.

Kenako pangani foda imodzi ya kasitomala ameneyo, ndipo chilichonse chake chizikhala momwemo. Chenjerani ndi malo amene mwaiika. Pa makompyuta ambiri a Windows, OneDrive imakopa yokha zonse za mu `Desktop`, `Documents` ndi `Pictures` kupita pa intaneti, ndipo iCloud ingachitenso chimodzimodzi pa Mac. Ngati pangano likuletsa kusunga mafayilo pa makina a kampani ina, mwaswa kale musanayambe ntchito. Zomwezi zimakhudza mawebusayiti aulere osinthira PDF, omasulira kapena okonza zolemba: kukweza fayilo kumeneko n'kuipereka kwa munthu wachitatu.

Potumiza mafayilo, njira yabwino ndi malo a kasitomala mwini, amene iye angakutsekereni ntchito ikatha. Ngati palibe, tsekani fayiloyo ndi 7-Zip, pulogalamu imene imagwiritsa ntchito njira ya enikiripushoni yotchedwa AES-256:

```
7z a -p -mhe=on malipiro.7z malipiro/
```

`-p` imakufunsani pasiwedi, ndipo `-mhe=on` imabisa ngakhale mayina a mafayilo ali mkatimo. Fayilo ipite pa imelo, pasiwedi yake mumuuze pafoni. Mukaziika mu uthenga umodzi simunatseke kanthu.

7. Pasiwedi ya kasitomala: choyamba yesani kuikana.

Kasitomala akafuna kukupatsani pasiwedi yake, mupempheni kuti akutsegulireni akaunti yanuyanu, ya dzina lanu, yokhala ndi mphamvu zongokwanira ntchitoyo. Izi zimateteza inu kuposa iye. Makina amalemba amene walowa, nthawi, ndi chimene watsitsa. Anthu asanu akamalowa ndi dzina limodzi, ndalama zikasowa palibe chosonyeza kuti sinali inu. Zolemba za makinazi zimagwiradi ntchito kukhoti. Pa mlandu wa makampani a ku America a Waymo ndi Uber umene unayamba mu 2017, Waymo inati injiniya wake wakale Anthony Levandowski anatsitsa mafayilo pafupifupi 14,000 atatsala pang'ono kusiya ntchito, ndipo mu 2020 iye anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18 atavomera mlandu woba chinsinsi cha malonda, ngakhale anakhululukidwa ndi pulezidenti wa dzikolo mu Januwale 2021. Nanunso musatsitse foda yonse "kuti mwina idzafunika" pamene ntchito yanu ikufuna mafayilo atatu.

Ngati n'kosatheka kupewa pasiwedi yogawana, isungeni mu pulogalamu yosungira mapasiwedi monga Bitwarden, KeePassXC kapena 1Password, m'chigawo cha kasitomala ameneyo. Isakhale mu Excel, pa kapepala komata pa laputopu, kapena mu uthenga wodzitumizira nokha. Burawuza ikafunsa ngati isunge, kanani, chifukwa idzaikopera pa zipangizo zonse zimene mwalowa ndi akaunti yanu, kuphatikizapo tabuleti imene ana amaseweretsa. Pasiwedi yaikulu yotsegulira pulogalamuyo ikhale yaitali, mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, ndipo isagwiritsidwe ntchito kwina kulikonse.

Yatsani chitetezo chachiwiri paliponse pamene chilipo, makamaka pa imelo yanu, chifukwa wolowa mu imelo amatha kusintha mapasiwedi a malo ena onse. Pulogalamu yapafoni yotulutsa manambala 6 osintha masekondi 30 aliwonse ndi yolimba kuposa uthenga wa SMS, popeza akuba amatha kunyenga kampani ya foni kuti isamutsire nambala yanu pa simu kadi yawo. Kwa olemba mapulogalamu: pasiwedi ikalowa mu Git, kuichotsa mu fayilo sikuichotsa m'mbiri. Isintheni basi.

8. Kubweza ndi kufufuta: apa ndi pamene pali ntchito.

Pafupifupi pangano lililonse lili ndi ndime yoti ntchito ikatha mubweze kapena muwononge makope onse, ndipo nthawi zina mulembe kalata yotsimikiza kuti mwatero. Anthu amaiwerenga mothamanga chifukwa imaoneka yosavuta. Tiyeni tione chimene ikutanthauza pa fayilo imodzi yokha.

Tiyerekeze kuti ndinu wowerengera ndalama, mwagwira ntchito miyezi itatu, ndipo pangano likuti muwononge makope onse pasanathe masiku 10 n'kutsimikiza polemba. Tsiku loyamba kasitomala anakutumizirani pa imelo fayilo ya malipiro a antchito 40, yokhala ndi mayina, manambala a akaunti za kubanki ndi malipiro awo. Kope loyamba lili mu imeloyo. Munaitsitsa, ndiye lachiwiri lili mu `Downloads`. Munaikopera mu foda ya ntchito, lachitatu. Fodayo ili mu `Documents`, ndipo OneDrive inaikweza, lachinayi. Muli pa ulendo munaitsegula pafoni, foni n'kusunga lake, lachisanu. Mutaikonza munaibweza pa imelo, ndiye lachisanu ndi chimodzi lili m'mauthenga otumizidwa. Lachisanu ndi chiwiri lili pa disiki yakunja imene mumakoperapo kompyuta yonse kumapeto kwa sabata, ndipo ngati disikiyo imasunga makope a masabata akale, lili mmenemo kangapo. Munasindikiza masamba awiri kuti muwerenge ndi cholembera, lachisanu ndi chitatu. Ndipo tsiku lina kasitomala anajambula tsamba limodzi n'kukutumizirani pa WhatsApp, chithunzicho chinalowa m'zithunzi za foni, kenako Google Photos inachikweza.

Munthu amene wafufuta foda ya ntchito yokha n'kusayina kalata yoti "makope onse awonongedwa" wafufuta kope limodzi mwa asanu ndi anayi kapena khumi, ndipo wasayina bodza. Kalata imeneyo ndi imene idzawerengedwe kukhoti fayiloyo ikadzatulukira.

Kufufutako nakonso kuli ndi zake. Fayilo yofufutidwa mu Gmail kapena Google Drive imakhala m'bini masiku 30, ndipo mu OneDrive ya munthu payekha ndi chimodzimodzi. Masiku 10 a pangano lanu adzakwana fayilo ikadali m'bini, choncho lowani m'binimo mufufute kachiwiri. Pa kompyuta, kukhuthula bini sikuchotsa zimene zalembedwa pa disiki nthawi yomweyo, kumangouza makina kuti malowo angalembedwenso. Mapulogalamu olemba pamwamba pa fayilo amagwira bwino pa disiki yakale yozungulira, koma pa disiki yamakono yosazungulira yotchedwa SSD ndi pa fulashi sadalirika, chifukwa zipangizozi zimamwaza zolemba m'malo osiyanasiyana kuti zisathe msanga, ndipo pulogalamuyo singafike paliponse pamene fayilo inakhalapo.

Njira yodalirika imayambira pa tsiku loyamba, osati lomaliza. Pangani chosungira chotsekedwa cha kasitomala ameneyo ndi VeraCrypt. Chimaoneka ngati fayilo imodzi yaikulu, koma mukachitsegula ndi pasiwedi chimakhala ngati disiki yapadera. Tsitsirani mafayilo molunjika mmenemo, gwirirani ntchito mmenemo. Ntchito ikatha fufutani chosungiracho ndi pasiwedi yake, imene iyenera kukhala yaitali, yopangidwa ndi makina, yosagwiritsidwa ntchito kwina. Makope a chosungiracho amene atsalira pa disiki yakunja sangatsegulidwenso ndi aliyense, ngakhale inuyo. Izi sizifika ku imelo, kufoni ndi ku mapepala, ndiye khalani ndi kaundula kakang'ono: tsiku, fayilo, njira imene yadzera, ndi kumene yakhala. Mzere umodzi pa fayilo iliyonse. Pa tsiku lomaliza mudzangotsatira kaundulayo mzere ndi mzere m'malo modalira kukumbukira. Pafoni, zimitsani kutsitsa kwa zithunzi ndi mafayilo kongochitika kokha, ndipo muuzeni kasitomala mwaulemu kuti zikalata zisamadzere kumeneko. Mapepala adulidwe ndi makina odula mopingasa kapena atenthedwe, osati kungong'ambidwa pakati.

Tsopano bwererani ku pangano lija musanasayine, ndipo pemphani zinthu zitatu pa ndime imeneyi. Masiku akhale 30 m'malo mwa 10. Makope amene ali m'mabakapu, kutanthauza zokopedwa zosungira pangozi zimene makina amapanga okha, aloledwe kukhala mpaka atafufutika pa nthawi yake, malinga akhale otsekedwa, osatsegulidwa, ndipo udindo wosunga chinsinsi upitirire pa iwo. Komanso muloledwe kusunga zimene lamulo kapena bungwe la ntchito yanu limafuna kuti musunge, monga mainivoisi ndi mapepala osonyeza mmene munawerengera. Maloya a makampani amazidziwa bwino zopempha zimenezi, ndipo mapangano ambiri amakhala nazo kale.

Kalata yanu yotsimikiza inene zoona zokhazokha: chimene mwabweza, chimene mwafufuta, malo ake, tsiku, ndi chimene chatsala pamodzi ndi chifukwa chake. M'kalata yomweyo lembani mndandanda wa maakaunti onse amene munali ndi mwayi wolowamo, ndipo pemphani kuti akaunti yanu itsekedwe ndi mapasiwedi ogawana asinthidwe. Kufufuta pasiwedi kwa inu sikukwanira. Malinga ngati sinasinthidwe, chilichonse chodzachitika pa akauntiyo chingathe kulozedwa kwa inu. Pemphani yankho lolemba lotsimikiza kuti asintha, ndipo lisungeni pamodzi ndi pangano.

9. Zinthu zikalakwika, nenani tsiku lomwelo.

Laputopu yabedwa, imelo yapita kwa munthu wolakwika, kapena mwalemba pasiwedi pa tsamba lachinyengo. Yambani ndi kusintha mapasiwedi pogwiritsa ntchito chipangizo china, kuyambira ya imelo, ndipo tulutsani zipangizo zonse zimene zalowa m'maakauntiwo. Kenako tsegulani pangano muone nthawi yodziwitsira. Ena amati mwamsanga, ena amatchula maola 24 kapena 48. Kasitomala nayenso angakhale ndi nthawi yake yomuthina: pansi pa lamulo la GDPR la mayiko a Mgwirizano wa ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, kampani imene ili ndi udindo pa nkhani za anthu iyenera kudziwitsa oyang'anira pasanathe maola 72 itadziwa za vutolo, ndipo wogwira ntchito m'malo mwake ayenera kuidziwitsa mosazengereza.

Kasitomalayo muimbireni foni, kenako mulembereni: chachitika n'chiyani, nthawi yanji, mafayilo ati, disiki inali yotseka kapena ayi, ndi zimene mwachita kale. Lembani zimene mukudziwa motsimikiza, osawonjezera zongoganiza. Musafufute mauthenga kapena kukonza kompyutayo kuti ibwerere mwatsopano kasitomala asanavomereze, chifukwa ofufuza adzafuna kuona mmene zinthu zinalili. Apa kaundula uja amathandizanso: funso loyamba la kasitomala lidzakhala lakuti pa makinawo panali mafayilo ati, ndipo mudzatha kumutumizira mndandanda wake ola lomwelo.